Lachinayi lachitatu la mwezi: kulipeza ndi mutu ndi zala zokha

Magulu ambiri akamapangana za misonkhano yawo satchula deti, amatchula tsiku la m'sabata. Komiti ya sukulu, gulu la banki mkhonde, kalabu ya alimi kapena bungwe la amayi a mu mpingo limati lizikumana "Lachinayi lachitatu la mwezi uliwonse". Chifukwa chake n'chomveka. Deti monga pa 20 mwezi uno ikhoza kugwa pakati pa sabata, mwezi wamawa n'kugwa tsiku la msika, mwezi winawo Lamulungu anthu ali ku mapemphero. Lachinayi limakhala Lachinayi basi, ndipo munthu amakonza ntchito zake molizungulira.

Ngakhale masiku ena odziwika m'mayiko ambiri anaikidwa mwa njira yomweyi. Mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, omwe kuno timawadziwa kuti ma SACCO, amakumbukira tsiku lawo la pa dziko lonse Lachinayi lachitatu la Okutobala, mwambo umene unayamba mu 1948. Bungwe la UNESCO linaika tsiku la maphunziro a nzeru zakuya pa Lachinayi lachitatu la Novembala. Ku France, vinyo watsopano wa m'dera la Beaujolais amayamba kugulitsidwa Lachinayi lomwelo la Novembala, lamulo lomwe lakhalapo kuchokera mu 1985.

Vuto limabwera pamene mlembi wafunsidwa kuti, "Ndiye kuti mwezi wamawa tikumana pa chani?" koma kalendala ili kutali ndipo foni yatha moto. Yankho likhoza kupezeka m'mutu mosachedwa, ndipo zonse zimatsamira pa mfundo imodzi yosavuta kuisunga.

Mpanda wa 15 mpaka 21

Masiku 7 aliwonse otsatizana amakhala ndi tsiku lililonse la sabata kamodzi kokha. Mutayambira paliponse n'kuwerenga masiku 7, mupeza Lolemba limodzi, Lachiwiri limodzi, mpaka Lamulungu limodzi. Choncho m'masiku oyambira pa 1 mpaka pa 7 muli Lachinayi limodzi, ndipo ndilo loyamba la mweziwo. Lachiwiri lake limabwera patapita masiku 7, kutanthauza pakati pa 8 ndi 14. Lachitatu lake limagwa pakati pa 15 ndi 21. Silingafulumire kufika pa 14, silingachedwenso kufika pa 22, kaya mweziwo ndi wa masiku 28 kapena 31.

Masiku 7 amenewa tiwatenge ngati mpanda umene Lachinayi lachitatu silingatulukemo. M'mpandamo mulinso Lachinayi limodzi lokha, ndiye palibe zosankha. Funso lonse latsala ili: mwa madeti 15, 16, 17, 18, 19, 20 ndi 21, Lachinayi ndi liti? Kuti muyankhe mukungofunika kudziwa tsiku la deti imodzi yokha ya mwezi umenewo, iliyonse.

Pali msampha umene umakola anthu asanayambe n'kuwerenga komwe. Lachinayi lachitatu la mwezi si chimodzimodzi ndi Lachinayi la sabata yachitatu monga mizere imaonekera pa kalendala ya pakhoma. Tengani Meyi 2026, mwezi woyamba Lachisanu. Pa kalendala yoyambira Lamulungu, mzere woyamba uli ndi madeti awiri okha, 1 ndi 2, ndipo mulibe Lachinayi. Amene angawerenge mizere afika pa mzere wachitatu n'kuloza pa 14. Koma Lachinayi loyamba linali pa 7, ndiye pa 14 ndi lachiwiri chabe, lachitatu lili pa 21. Anthu awiri a gulu limodzi akhoza kusiyana ndi sabata yathunthu, aliyense akulimbikira kuti wawerenga bwino. Kusemphana kumeneku kumachitika mwezi ukayamba Lachisanu kapena Loweruka, komanso Lamulungu ngati kalendalayo imayamba sabata ndi Lolemba. Mpanda uja umathetsa mkangano nthawi yomweyo, chifukwa 14 ali kunja.

Mwezi umene tili

Nthawi zambiri munthu amadziwa kuti lero ndi tsiku lanji ndiponso pa chani. Zimenezo n'zokwanira. Kuwonjezera kapena kuchotsa 7 pa deti sikusintha tsiku, ndiye mumangolumpha ndi 7 mpaka mutagwera m'mpanda, kenako n'kuyenda pang'ono kufika pa Lachinayi.

Tinene kuti lero ndi Lolemba pa 8 Juni 2026. Mukawonjezera 7 mufika pa 15, lomwenso ndi Lolemba. Werengani pa zala: 16 Lachiwiri, 17 Lachitatu, 18 Lachinayi. Msonkhano uli pa 18 Juni. Kapena tinene kuti ndi Lachisanu pa 4 Seputembala chaka chomwecho. Kulumpha kawiri kukufikitsani pa 18, Lachisanu. Lachinayi lili kumbuyo ndi tsiku limodzi, pa 17. Mukanapita kutsogolo mukanafika pa 24, ndipo 24 yemweyo akanakuuzani kuti mwatuluka m'mpanda. Lamulo lake ndi lakuti yankho likapitirira 21 muchotse 7, likachepera 15 muwonjezere 7.

Ena amakonda kuyambira pa tsiku loyamba la mwezi, ndipo n'zothandiza chifukwa 1 ndi 15 nthawi zonse amagwa tsiku limodzi. Mwezi ukayamba Lachinayi, yankho ndi 15. Ukayamba Lachitatu ndi 16, Lachiwiri 17, Lolemba 18, Lamulungu 19, Loweruka 20, ndipo ukayamba Lachisanu ndi 21. Sikofunika kuloweza mndandandawu. Mumangonena kuti pa 15 ndi tsiku lomwe mwezi unayambira, n'kuwerenga kupita kutsogolo mpaka Lachinayi.

Kuchokera mwezi uno kupita wamawa

Ngati mukudziwa deti ya mwezi uno, ya mwezi wamawa imapezeka ndi samu imodzi yochotsera. Masabata 4 ndi masiku 28. Mwezi uliwonse ukanakhala wa masiku 28, Lachinayi lachitatu likanakhala pa deti yomweyo mpaka kalekale. Masiku opitirira 28 ndi amene amasuntha zinthu. Mwezi wa masiku 31 uli ndi 3 owonjezera, ndiye deti ya mwezi wotsatira imabwerera m'mbuyo ndi 3. Wa masiku 30 umaibweza ndi 2. Febuluwale wa masiku 29 amaibweza ndi 1, ndipo wa masiku 28 saisuntha n'komwe.

Tiyende nacho chaka cha 2026 kuyambira kumayambiriro. Pa 1 Januwale ndi Lachinayi, ndiye lachitatu lake lili pa 15. Januwale ali ndi masiku 31, tichotsa 3 n'kutsala ndi 12. Popeza 12 ali kunja kwa mpanda, tiwonjezera 7, ndipo Febuluwale ndi pa 19. Febuluwale wa 2026 ali ndi masiku 28, choncho Malichi ndi pa 19 pomwepo. Malichi ali ndi 31, ndiye Epulo ndi pa 16. Epulo ali ndi 30, tichotsa 2 n'kupeza 14, tiwonjezera 7, Meyi ndi pa 21, monga tinaonera kale. Mukapitiriza chomwecho mupeza Juni 18, Julayi 16, Ogasiti 20, Seputembala 17, Okutobala 15, Novembala 19 ndi Disembala 17.

Cholakwika chofala pa njirayi ndicho kuyang'ana kutalika kwa mwezi umene mukulowa. Wowerengedwa ndi mwezi umene mukuchoka, chifukwa masiku ake ndi amene muyenera kudutsamo. Pochoka mu Epulo kupita mu Meyi mumachotsa 2 chifukwa cha masiku 30 a Epulo, ngakhale Meyi ali ndi 31. Amene amaiwala kutalika kwa miyezi akunge chibakera n'kuwerenga pa mfundo za zala ndi m'mipata yake, kuyambira Januwale pa mfundo yoyamba. Mfundo ndi mwezi wa masiku 31, mpata ndi mwezi waufupi. Julayi amagwa pa mfundo yomaliza, ndipo Ogasiti amayambiranso pa mfundo, n'chifukwa chake miyezi iwiri yotsatizanayi yonse ndi ya 31.

Kuwonjezera 7 kuja kuli ndi tanthauzo lake kwa asungichuma. Nthawi iliyonse mukawonjezera 7, ndiye kuti pakati pa misonkhano iwiriyo pali masabata 5 m'malo mwa 4. Mu 2026 izi zikuchitika kanayi, polowa mu Febuluwale, Meyi, Ogasiti ndi Novembala. Gulu lotolera zosonkha sabata ndi sabata koma n'kumawerengera pa msonkhano wa pamwezi lisadabwe kuona ndalama zambiri miyezi imeneyi. Mndandanda wa chaka chonse umaonetsanso pasadakhale pomwe msonkhano ukuwombana ndi tchuthi. Ku Malawi pa 15 Januwale ndi tsiku lokumbukira John Chilembwe ndipo pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala, ndiye mu 2026 onse awiri akugwa pa Lachinayi lachitatu. Kufanana kwa miyezi iwiriyi si kwangozi. M'chaka cha masiku 365, kuchokera pa 1 Januwale kufika pa 1 Okutobala pali masiku 273, omwe ndi masabata 39 enieni, choncho Januwale ndi Okutobala amayamba tsiku limodzi.

Njira yoyenda mwezi ndi mwezi ili ndi chofooka chimodzi. Mukaphonya pa mwezi umodzi, miyezi yonse yotsatira imatenga cholakwikacho, ndipo mayankho amaonekabe abwino chifukwa onse amakhala m'mpanda. Kwa mwezi wakutali, kapena pofuna kutsimikiza, pamafunika njira yosadalira mwezi wapitawo.

Madeti ogwa tsiku limodzi chaka chonse

Katswiri wa masamu John Horton Conway, wobadwira ku Liverpool mu 1937, yemwe anaphunzitsa ku Cambridge kenako ku Princeton ndipo anamwalira mu 2020, anakonza njira imeneyi mu 1973. Wofuna kuifufuza pa intaneti aipeza ndi dzina lakuti Doomsday. Maziko ake ndi akuti m'mwezi uliwonse muli deti yosavuta kukumbukira, ndipo madeti onsewo amagwa tsiku limodzi la sabata m'chaka chimodzi. Tsiku limenelo tilitche tsiku la chaka. Mu 2026 ndi Loweruka.

Miyezi ya manambala ogawika ndi 2 ndiyo yophweka: pa 4 mwezi wa 4, pa 6 mwezi wa 6, pa 8 mwezi wa 8, pa 10 mwezi wa 10 ndi pa 12 mwezi wa 12. Ndiye kuti 4 Epulo, 6 Juni, 8 Ogasiti, 10 Okutobala ndi 12 Disembala. Chifukwa chake chimawerengeka. Epulo ndi Meyi pamodzi ali ndi masiku 61, ndipo kuchoka pa 4 kufika pa 6 ndi masiku enanso 2. Onse pamodzi ndi 63, masabata 9 opanda chotsala. Juni ndi Julayi, Ogasiti ndi Seputembala, Okutobala ndi Novembala, awiri aliwonse amakwananso 61, ndiye samu yomweyo imabwereza mpaka Disembala.

Miyezi inayi yapakati imayenda iwiriiwiri mosinthana manambala. Manambala 5 ndi 9 amapereka 9 Meyi ndi 5 Seputembala, pomwe 7 ndi 11 amapereka 11 Julayi ndi 7 Novembala. Kwa Febuluwale, tsiku lake lomaliza ndilo loyenera, kaya ndi 28 kapena 29. Popeza 7 Malichi amabwera patapita sabata imodzi kuchokera pamenepo, iyenso ali m'gululi, pamodzi ndi 14 ndi 21 Malichi. Januwale ndi pa 3 m'zaka wamba, koma pa 4 m'chaka chokhala ndi 29 Febuluwale.

Pa ntchito yathu ino, madeti amenewa tiwalowetse m'mpanda powonjezera kapena kuchotsa ma 7. Zotsatira zake ndi izi:

Januwale 17 (18 m'chaka cha masiku 366)
Febuluwale 21 (15 m'chaka cha masiku 366)
Malichi 21
Epulo 18
Meyi 16
Juni 20
Julayi 18
Ogasiti 15
Seputembala 19
Okutobala 17
Novembala 21
Disembala 19

Chaka chomwe tsiku lake ndi Lachinayi, monga 2024 ndi 2030, mndandandawu ndi yankho lenileni popanda chosintha. Mu 2024 Lachinayi lachitatu la Novembala linalidi pa 21, ndipo la Okutobala pa 17. M'zaka zina mumasuntha madeti onse ndi mtunda wofanana. Mu 2026 tsiku la chaka ndi Loweruka, ndipo Lachinayi lili kumbuyo kwake ndi masiku 2. Ndiye Epulo ndi 18 kuchotsa 2, yankho 16. Disembala ndi 19 kuchotsa 2, yankho 17. Ogasiti ndi 15 kuchotsa 2, zomwe zikupereka 13, ndipo tikawonjezera 7 tipeza 20. Mayankho awa akugwirizana ndi aja tinapeza poyenda mwezi ndi mwezi, koma apa mwezi uliwonse wadziyimira pawokha.

Wosafuna kuloweza mndandanda wachiwiriwu sanataye kanthu. Akhoza kuyambira pa 8 Ogasiti kapena 12 Disembala n'kulumpha ndi 7 nthawi yomwe akuwerengayo. Zimangotenga mpweya umodzi wowonjezera.

Kupeza tsiku la chaka

Pa chaka chomwe tili, tsiku la chaka mumalipeza kamodzi n'kulisunga miyezi yonse 12. Pa zaka zoyandikana nalo, limasuntha mwadongosolo. Chaka wamba chili ndi masiku 365, omwe ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lotsala, choncho tsiku la chaka limapita kutsogolo ndi 1. Polowa m'chaka cha masiku 366 limapita kutsogolo ndi 2. Mu 2024 linali Lachinayi, 2025 Lachisanu, 2026 Loweruka, 2027 Lamulungu, 2028 lidzalumpha Lolemba n'kukafika Lachiwiri, 2029 Lachitatu, 2030 Lachinayi.

Onani kuti tsiku la chaka likamapita kutsogolo, deti ya Lachinayi lachitatu imabwerera m'mbuyo. Tsiku la ma SACCO lija linali pa 17 Okutobala mu 2024, pa 16 mu 2025 ndi pa 15 mu 2026. Mu 2027 likanafika pa 14, ndiye lidumphira pa 21, ndipo mu 2028 libwerera ndi masiku 2 kufika pa 19. Anthu ambiri amasokoneza mbali ziwirizi n'kuwonjezera pomwe anayenera kuchotsa.

Chaka chakutali chimafuna samu yotalikirapo, ndipo apa mayina a masiku athu amatipeputsira ntchito chifukwa ambiri ndi manambala kale. Lachiwiri ndi 2, Lachitatu 3, Lachinayi 4, Lachisanu 5. Lolemba likhale 1, Loweruka 6, Lamulungu 0. Chofunika kukumbukira ndi poyambira: tsiku la chaka cha 2000 linali Lachiwiri, ndipo la 1900 linali Lachitatu. Zaka zonse zoyambira 2000 mpaka 2099 zimawerengedwa kuchokera pa Lachiwiri, za 1900 mpaka 1999 kuchokera pa Lachitatu.

Tengani manambala awiri omaliza a chaka. Nambala imeneyo ikusonyeza zaka zomwe zadutsa, ndipo chaka chilichonse chinasuntha tsiku ndi 1. Igaweni ndi 4 n'kutaya zotsala, kuti mudziwe zaka za masiku 366 zomwe zinasuntha tsiku ndi 1 winanso. Phatikizani ziwirizi ndi nambala ya poyambira, kenako chotsani ma 7 onse. Chotsalacho ndi tsiku la chaka.

Tiyese ndi Novembala 2035. Manambala omaliza ndi 35. Mu 35 muli ma 4 okwana 8, zotsala tataya. Kuphatikiza 35 ndi 8 kukupereka 43, ndipo tikaika 2 wa Lachiwiri tifika pa 45. Mu 45 muli ma 7 okwana 6, omwe ndi 42, ndipo patsala 3. Tsiku la chaka cha 2035 ndi Lachitatu. Ndiye 7 Novembala ndi Lachitatu, chimodzimodzinso 14 ndi 21. Lachinayi likubwera mawa lake, pa 22, koma 22 wapitirira mpanda. Tichotsa 7, ndipo Lachinayi lachitatu la Novembala 2035 lili pa 15. Wothamanga akanalemba 22 n'kuchedwa ndi sabata yonse.

Manambala akakula pali chidule. Pakati pa 1901 ndi 2099 kalendala imabwereza ndendende zaka 28 zilizonse, chifukwa m'zaka 28 tsiku limasuntha ndi 28 kuphatikiza 7, ndipo 35 amagawika ndi 7. Ndiye musanayambe samu, chotsani 28, 56 kapena 84 pa manambala awiri aja. Pa 2035, 35 kuchotsa 28 ndi 7. Mu 7 muli 4 mmodzi, zonse pamodzi 8, kuphatikiza 2 ndi 10, kuchotsa 7 patsala 3. Yankho ndi lomwe lija, koma mutu sunaleme.

Njira yabwino yodziyesera ndiyo kutenga tsiku lodziwika la m'mbiri. Dziko la Malawi linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, Lolemba. Tione ngati samu ivomereza. Kuchotsa 56 pa 64 kukusiya 8. Mu 8 muli ma 4 awiri, ndiye 10. Poyambira pa zaka za m'ma 1900 ndi 3, zonse 13, kuchotsa 7 patsala 6, Loweruka. Choncho 11 Julayi linali Loweruka, 4 Julayi linali Loweruka, 5 Lamulungu, 6 Lolemba. Zagwirizana. Ndipo popeza 18 Julayi linalinso Loweruka, Lachinayi lachitatu la mwezi wa ufuluwo linali pa 16.

Pomwe anthu amapunthwa

Januwale ndi Febuluwale a chaka cha masiku 366 ndiwo amagwetsa ngakhale ozolowera. Samu ya tsiku la chaka imawerengera kale tsiku lowonjezera la chakacho, koma mu Januwale tsikulo limakhala lisanafike. N'chifukwa chake deti yokumbukira imasuntha kuchoka pa 3 kupita pa 4 Januwale. Mu 2028 tsiku la chaka ndi Lachiwiri, ndiye 4, 11 ndi 18 Januwale ndi Lachiwiri, ndipo Lachinayi lachitatu lili pa 20. Woiwala ayambira pa 17 n'kupeza 19, lomwe ndi Lachitatu. Mu Febuluwale 2028, pa 29 ndi Lachiwiri, choncho 22 ndi 15 ndi Lachiwirinso, ndipo yankho ndi 17. Kuyambira Malichi kupita kutsogolo palibenso chosintha.

Cholakwika chotere mpanda sungachigwire, popeza 19 ali mkati. Chimagwidwa ndi kuyerekeza njira ziwiri. Mukapeza yankho la mwezi wina, pezaninso la mwezi wotsatira pogwiritsa ntchito deti yake yokumbukira, kenako onani ngati kusiyana kwawo kukugwirizana ndi lamulo lochotsa 3, 2, 1 kapena 0. Malichi 2028 ndi pa 16, chifukwa 14 Malichi ndi Lachiwiri. Kuchokera pa 20 Januwale, kuchotsa 3 kukupereka 17 Febuluwale, kuchotsa 1 kukupereka 16 Malichi, ndipo zonse zalumikizana. Mukanayamba ndi 19, mukanafika pa 15 Malichi n'kuzindikira kuti penapake pavuta. Miyezi ina imakhalanso mapasa chaka chilichonse: Malichi ndi Novembala, Epulo ndi Julayi, Seputembala ndi Disembala. Mayankho a mapasa akasiyana, limodzi ndi lolakwa.

Kuzindikira chaka cha masiku 366 nakonso kuli ndi lamulo lake lonse. Ndi chaka chogawika ndi 4, kupatula zaka zothera ndi ziro awiri, zomwe zimayenera kugawika ndi 400. Chaka cha 2000 chinali ndi 29 Febuluwale, cha 1900 chinalibe. Lamuloli linabwera ndi kalendala yomwe Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582, imene tikugwiritsa ntchito lero, ndipo madeti okumbukira onse aja ndi a kalendala imeneyi yokha. Pa kalendala ya Chisilamu yotsata mwezi wakumwamba, kapena ya ku Ethiopia ya miyezi 12 ya masiku 30 ndi kamwezi kena ka masiku 5 kapena 6, Lachinayi lachitatu la mwezi wathunthu limagwabe pakati pa 15 ndi 21, koma 4 Epulo ndi anzake aja alibe ntchito.

Mpanda weniweniwo unathyokapo pa nthawi yosintha kalendala. Ku Roma, ku Spain ndi ku Portugal, anthu anagona Lachinayi pa 4 Okutobala 1582 n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala, chifukwa madeti 10 anachotsedwa pofuna kubweza kalendala kuti igwirizane ndi nyengo. Masiku a sabata sanadumphe, anadumpha ndi madeti okha. Mwezi umenewo unali ndi Lachinayi pa 4, pa 21 ndi pa 28, ndiye lachitatu lake linali pa 28. Dziko la Britain linasintha mochedwa, mu 1752, pomwe Lachitatu pa 2 Seputembala linatsatidwa ndi Lachinayi pa 14 Seputembala. Kumenekonso Lachinayi linagwa pa 14, 21 ndi 28. Wowerenga madeti a zaka zakale choncho ayenera kuyamba wadziwa dziko lomwe akunena ndi chaka chomwe linasinthira kalendala.

Kutsogoloku, malo oyamba ofuna kusamala ndi chaka cha 2100. Chimagawika ndi 4 koma sichigawika ndi 400, ndiye Febuluwale wake adzathera pa 28. Chidule cha zaka 28 sichidzawoloka pamenepo, ndipo poyambira pa zaka za 2100 mpaka 2199 padzakhala Lamulungu, osati Lachiwiri. Kubwereza kosaphonya ndi kwa zaka 400, zomwe zili ndi masiku 146,097, masabata 20,871 opanda chotsala. Chaka cha 2400 chidzakhala chimodzimodzi ndi cha 2000, tsiku ndi tsiku. Koma kwa zaka zonse zotsala mpaka 2099, zosunga m'mutu ndi zitatu zokha: Lachiwiri la 2000, madeti okumbukira a miyezi 12, ndi malire a 15 ndi 21.